Pakufunika kapitawo: mawu ochepa omwe amadzakumbukiridwa tsiku loyeza matumba

Malume anga ali ndi munda wa mahekitala 40 ku Mchinji, koma amakhala ku Lilongwe. Ali m'gulu la alimi omwe khasu lawo ndi foni: amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, amafunsa ngati mvula yagwa, ndipo kumundako amakaonekera Loweruka lina lililonse galimoto ikakhala ndi mafuta. Mlimi wotere amapuma ndi mapapo a munthu mmodzi, kapitawo. Kapitawo akachoka, munda umakhala ngati mudzi wopanda mfumu.

Chaka china wawo atawachokera mokangana, anandiitana kuti ndiwakonzere chilengezo cha ntchito chomwe anali atalemba kale kuseri kwa envulopu. Chinali chonena kuti: "Pakufunika kapitawo wa pa munda ku Mchinji. Akhale wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu komanso wapabanja. Malipiro tikambirana. Imbani pa nambala iyi."

"Ungondikonzera zilembo basi, mphwanga," anatero. "Nkhani yake ndi yomweyo."

Ndinawafunsa kuti kapitawo wochokayo anakangana naye pa chiyani. Anati ankafuna ndalama yapadera pa chimanga chomwe anakolola, akunena kuti anamulonjeza, pomwe iwo sakumbukira kuti anatchulapo chiwerengero. Ankadandaulanso kuti amamutuma kukagayitsa ndi kulondera usiku, ntchito zomwe sanauzidwe pachiyambi. Ndinayang'ananso envulopu ija n'kuona kuti milandu iwiri yonseyo inali itakhala kale phee m'mawu anayi aja, kudikira munthu wina watsopano.

Chilengezo cha ntchito n'chachifupi, ndipo chiyenera kukhala chachifupi. Mu nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times malo amagulidwa ndi ndalama, pa wailesi ya m'dera amawerengera nthawi, ndipo pepala lomata pa khoma la sitolo ya zipangizo za ulimi munthu amaliwerenga ali chiimire, njinga ili m'manja. Koma kufupika sikufanana ndi kubisa. Pepalalo ndi chiyambi cha mgwirizano. Zomwe lanena ndi zomwe wantchito adzagwire pakamwa tsiku loyeza matumba, ndipo zomwe lasiya ndi zomwe aliyense adzazidzaze ndi maganizo akeake.

Tinayamba ndi dzina la ntchito. Mawu oti kapitawo ndi otambalala kwambiri. M'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje kapitawo amayang'anira gulu limodzi la othyola tiyi, ndipo pamwamba pake pali mabwana angapo. Pa esiteti ya fodya ku Kasungu pakhoza kukhala wa ku nazale, wa ku zigafa ndi wa ku magiredi. Pa munda wa malume, kapitawo ndiye zonse: pamwamba pake palibe wina kupatula foni. Munthu amene anazolowera kulandira malangizo m'mawa uliwonse kuchokera kwa manejala akabwera pa malo otere amasowa pogwira, ndipo amene anazolowera kuyendetsa munda yekha akapita ku esiteti yaikulu amaona ngati amumanga manja. N'chifukwa chake mzere woyamba uyenera kunena kukula kwa munda, mbewu zomwe zimalimidwa, anthu omwe adzawayang'anire, ndi amene iye adzayankhe kwa iye. Kwa malume zinali motere: mahekitala 20 a chimanga, 12 a soya, 8 a mtedza, antchito okhazikika asanu ndi mmodzi, ndi aganyu omwe amafika 40 nthawi yopalira ndi yokolola. Manambala ochepa amenewa amasefa anthu kuposa mawu onse oti "wolimbikira" ndi "wokhulupirika." Palibe munthu amene anawerengapo chilengezo n'kunena kuti, iyayi, ine ndine waulesi, ndisalembere. Koma amene sanayang'anirepo anthu oposa asanu akaona 40 amadzifunsa kawiri.

Pa ntchito zomwe kapitawo adzagwire, alembi ambiri amagwa mbali ziwiri. Ena salemba kanthu, ena amalemba mndandanda wa zinthu makumi awiri, kuyambira kusamalira chilengedwe mpaka kulimbikitsa umodzi. Njira yomwe ndinawauza malume inali yofunsa funso limodzi: ndi pati pomwe ndalama zanu zimatayikira inu kulibe? Anaganiza pang'ono n'kutchula malo atatu: pa ganyu, pa feteleza, ndi pa nthawi.

Za ganyu n'zosavuta kuzimvetsa ukawerengera. Mizere ya chimanga ikatalikirana masentimita 75, monga alangizi amanenera, hekitala imodzi ya mamita 100 mbali zonse imakhala ndi mizere pafupifupi 133. Ngati pa mundapo anagwirizana kuti ndime imodzi yopalira ndi mizere 10 ya mamita 100, ndiye kuti mahekitala 20 a chimanga ali ndi ndime pafupifupi 267. Buku la kapitawo likaonetsa kuti walipira ndime 340 pa kupalira kumodzi, pali ndime zoposa 70 zomwe anapalira ndi mizukwa, kapena chingwe choyezera chinafupika. Likaonetsa 200, mwina ndime amazitalikitsa n'kumafinya aganyu, ndipo chaka chamawa anthu a m'midzi yozungulira adzathawira ku munda wa mnzanu sabata yomwe udzu wakula. Choncho chilengezo chinene mosabisa kuti ntchitoyi ili ndi kuyeza ndime, kulemba mayina a aganyu ndi kusunga buku la malipiro. Munthu amene amadana ndi cholembera adziwiretu.

Feteleza nayenso ali ndi masamu ake. Pa hekitala imodzi ya chimanga, mlingo womwe alimi ambiri amatsatira ndi matumba awiri a wokulitsa ndi atatu a yureya wobereketsa, lililonse la makilogalamu 50. Mahekitala 20 ndiye matumba 100. Pa mitengo ya feteleza ya masiku ano, makiyi a sitolo yosungiramo matumba amenewa ndi olemera kuposa malipiro a kapitawo a chaka chonse. Matumba khumi akatuluka usiku, mwini munda saona kanthu mu Disembala. Amadzaona mu Febuluwale masamba akuyezuka chachikasu kumapeto kwa munda komwe galimoto siifika, ndipo pofika pamenepo aliyense amaloza mvula. Ngati makiyiwo adzakhala m'thumba mwa kapitawo, chilengezo chinene choncho, chifukwa ndi udindo womwe umakweza mtengo wa ntchito, ndiponso ndi chifukwa chomveka chofunira mboni zomwe zinamuonapo akusunga katundu wa eni.

Za nthawi sizifuna mawu ambiri. Chimanga chobzalidwa mochedwa ndi milungu iwiri sichibwezeka, ndipo ntchemberezandonda zikapezeka zitalowa kale m'kati mwa nsonga, mankhwala amangotha. Ndi zokwanira kulemba kuti kapitawo adzaonetsetsa kuti kubzala, kupalira, kuthira feteleza ndi kupopera zikuchitika pa nthawi yake, ndipo adzapereka lipoti kamodzi pa sabata.

Malume anafuna kuti pamapeto tiwonjezere mawu omwe amawaona m'zilengezo za makampani, oti "ndi ntchito zina zonse zomwe angapatsidwe." Ndinakana. Mawu amenewa ndi thumba lopanda pansi, ndipo ndi momwe munalowera kugayitsa ndi ulonda wa usiku uja. Lamulo la ntchito la dziko lino, lomwe linakhazikitsidwa mu 2000, limaika malire a maola 48 pa sabata, ndipo maola opitirira pamenepo amalipiridwa mwapadera. Munthu amene wayang'anira aganyu kuyambira mbandakucha sangakhalenso mlonda usiku pa malipiro omwewo. Ngati munda ukufuna mlonda, ulembe mlonda.

Malo a ntchito ndi pomwe anthu ambiri amanama osadziwa kuti akunama. "Ku Mchinji" kukhoza kutanthauza pa boma pomwe pali banki ndi magetsi, kukhozanso kutanthauza kumalire komwe foni imakoka netiweki ya ku Zambia. Munda wa malume uli pa mtunda wa makilomita 14 kuchokera pa msika wa Kamwendo, womwe uli pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe, ndipo makilomita onsewo ndi a fumbi; mvula ikagwa masiku atatu otsatizana ndi kabaza wa njinga yamoto yekha amene amafika. Pali nyumba ya malata ya zipinda ziwiri, mjigo uli pafupi, magetsi ndi a sola, sukulu ya pulayimale ili pa mtunda wa makilomita atatu. Malume ankaopa kuti tikalemba zonsezi anthu athawa. Ndinawayankha kuti amene angathawe powerenga ndi yemweyo amene akanathawa mu Januwale, udzu uli m'chiuno, ndipo kuli bwino athawe pano pomwe kuthawa kwake sikukuwonongerani kanthu. Munthu wa ana asukulu amawerenga mzere wa malo asanawerenge wa malipiro, ndipo kawirikawiri amene amaweruza ndi mayi wa kunyumba.

Tsono tinafika pa mawu awiri aja, "malipiro tikambirana," ndipo apa ndi pomwe tinakhalitsa mpaka tiyi anazizira.

Olemba ntchito amakonda mawuwa poganiza kuti akutchinjiriza thumba lawo: mwina pabwera wovomera zochepa. Amabweradi. Koma wovomera zochepa pa ntchito yosunga matumba 100 a feteleza nthawi zambiri amakhala atawerengera kale komwe adzapezere zotsalazo. Kapitawo waluso amene ali kale pa ntchito kwina sawononga ndalama ya minibasi kupita kukamva chiwerengero chomwe mwina n'chochepera chomwe akulandira. Ngati mwini munda safuna kuti anansi adziwe ndalama yeniyeni, akhoza kulemba malire, kuyambira pakuti kufika pakuti. Chomwe sangasiye ndi maziko a malipiro: kodi munthuyu adzalipidwa pa mwezi, pa nyengo, kapena potengera zokolola? Izi ndi ntchito zitatu zosiyana ngakhale dzina lake ndi limodzi.

Malipiro a pa mwezi ndi omveka kwa aliyense, koma nawonso ali ndi mafunso ake. Tinene kuti ndi K250,000, chiwerengero chomwe ndikungochitenga ngati chitsanzo. Kodi ndi ndalama yolowa m'manja, kapena ndi yomwe sanaduleko kanthu? Kwa wantchito wokhazikika, lamulo la penshoni limafuna kuti wantchito azisonkha 5 pa 100 iliyonse ya malipiro ake, bwana n'kuwonjezera 10. Pa K250,000 ndiye kuti K12,500 ichoka kwa kapitawo ndipo K25,000 ichoka kwa bwana mwezi uliwonse, msonkho wa boma tisanaukhudze. Wolembera amene anawerenga K250,000 n'kulandira yochepera kumapeto kwa mwezi woyamba amayamba ntchito ali ndi chotupa mumtima. Mawu ochepa oti "asanadule msonkho ndi penshoni" amachotsa chotupacho chisanamere. Mwini munda nayenso amathandizika, chifukwa amaona kuti munthuyu pa chaka samutengera K3,000,000 yokha koma K3,300,000, nyumba ndi phoso tisanawerengere.

Phoso nalo lilembedwe monga lilili. Thumba limodzi la chimanga pa mwezi ndi chinthu chachikulu kwa banja la kumudzi, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pomwe mtengo wa chimanga umakwera. Koma chilengezo chinene ngati thumbalo ndi lowonjezera pa malipiro kapena lidzadulidwa. Mabwana ena amapereka chimanga mwezi ndi mwezi ngati mphatso, kenako pa tsiku losiyana amatulutsa kope n'kuyamba kuchotsera thumba lililonse pa mtengo wa nthawi ya njala. Chiwerengero cha ndalama chokha nacho chizifanizidwa ndi malipiro otsikitsitsa omwe boma limalengeza. Amasintha pafupipafupi: mu 2021 anali K50,000 pa mwezi, mu 2024 anafika K90,000, ndipo kufunsa ku ofesi ya zantchito pa boma musanalembe chilengezo sikulira ndalama. Kapitawo amene malipiro ake akungofanana ndi a anthu omwe akuwayang'anira sakhala ndi mawu pakati pawo.

Malipiro a pa nyengo, oti udzalandira tikagulitsa, ndi omwe ali ndi mbiri yowawa m'dziko muno. Ndiwo anali msana wa utenanti m'minda ya fodya: banja limachoka ku Mulanje kapena ku Machinga kupita ku Kasungu kapena ku Mzimba, limadya pa ngongole miyezi yonse, ndipo fodya akagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, bwana akachotsera chakudya ndi zipangizo, pamatsala zochepa kapena ngongole. Nyumba ya malamulo inathetsa utenanti mu 2021 posintha lamulo la ntchito. Chilengezo chonena kuti kapitawo adzalandira zake zonse kumapeto kwa nyengo chikununkha fungo lomwelo, ndipo wolembera wanzeru achizembe. Mwini munda amene alibe ndalama yolipira kapitawo mwezi ndi mwezi ndiye kuti sanafike polemba kapitawo.

Chomwe chimagwira bwino ntchito ndi kuphatikiza: malipiro a pa mwezi, kuwonjezerapo bonasi ya zokolola. Koma bonasi yopanda nambala ndiyo inachotsa kapitawo woyamba uja, choncho tinaiwerengera mpaka pansi. Malume poyamba anati apereke gawo la phindu. Ndinawafunsa kuti phindulo adzaliwerenge ndani. Kapitawo saona malisiti a feteleza, sadziwa mtengo womwe chimanga chagulitsidwira ku Lilongwe, ndipo sangatsutse bwana akanena kuti chaka chino taluza. Bonasi iyenera kukhala pa chinthu chomwe onse awiri angachiwerenge ndi maso ataima pamodzi, ndipo chinthu chimenecho ndi thumba pa sikelo.

Tinagwirizana motere, ndipo manambalawa ndi a munda umenewu, osati lamulo la minda yonse. Zaka zapitazo mundawu unkatulutsa matumba pafupifupi 80 a chimanga pa hekitala, omwe ndi matani anayi. Pa mahekitala 20 ndiye matumba 1,600. Amenewa ndi omwe malipiro a pa mwezi akulipirira kale. Thumba lililonse lopitirira pamenepo, kapitawo alandire K1,000. Akakolola matumba 1,900, ndiye kuti 300 apitirira, bonasi yake K300,000.

Apa malume anaseka n'kunena kuti nkhani yatha. Siinathe. Chimanga chimapepuka chikamauma. Chotonoledwa chikadali ndi chinyezi cha 18 pa 100, chikauma kufika pa 13 pomwe chimasungika bwino, chimataya pafupifupi 6 pa 100 ya kulemera kwake. Matumba 1,900 oyezedwa mu Meyi chisanaumitsitse amasanduka pafupifupi 1,790 mu Julaye, popanda mbava kapena nankafumbwe kukhudzapo. Bonasi ya K300,000 ija yatsika kufika cha m'ma K190,000. Kapitawo adzati munayeza nokha ndipo munalemba 1,900. Bwana adzati ndagulitsa 1,790. Onse awiri akunena zoona, ndipo akhoza kukathera ku ofesi ya zantchito. Choncho m'chilengezo tinaikamo mawu oti "matumba a makilogalamu 50 a chimanga chouma," ndipo mu mgwirizano tinalemba kuti kuyeza kudzachitika kamodzi, onse awiri alipo, tsiku lolowetsa m'sitolo chitathiridwa mankhwala.

Panatsala funso lina lomwe ndinawafunsa malume mosawanyengerera: nanga feteleza mukamutumiza mochedwa inuyo? Anakhala chete, chifukwa chaka chapitacho yureya anafika chimanga chitayamba kale kumasula ngayaye. Bonasi ya zokolola imaika pa mutu wa kapitawo zinthu zomwe sizili m'manja mwake: ng'amba, mbewu yosamera, bwana wochedwa. N'chifukwa chake iyenera kukhala ndiwo, osati nsima. Malipiro a pa mwezi akhale oti banja lingakhalire moyo ngakhale chaka chitavuta. Zambiri za izi malo ake ndi mu mgwirizano wolembedwa, osati m'chilengezo, koma chilengezo chinene kuti mgwirizano wolembedwawo ulipo, komanso ndi wautali bwanji. Tinasankha miyezi 12 kuyambira Seputembala, kuti munthu ayambe ndi kukonza munda n'kumaliza zokolola zitagulitsidwa. Miyezi itatu yoyesedwa yomwe ambiri amalemba ili ndi chilema chake pa ulimi: kuyambira Seputembala mpaka Novembala mumangoona mmene munthu amaunditsira mizere ndi kusunga mabuku, koma kapitawo weniweni amaoneka sabata ya mvula yobzalira. Tinalemba miyezi inayi kuti Disembala alowemo.

Za "woopa Mulungu" ndi "wapabanja" sizinatenge nthawi, ngakhale malume anazisiya monyinyirika. Lamulo la ntchito limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo, mtundu, kukhala mwamuna kapena mkazi, kapena kukhala pabanja ndi kusakhala pabanja. Komanso mawu oti "wapabanja" pa munda nthawi zambiri amabisa chiyembekezo choti mkazi ndi ana adzagwira nawo ntchito ulele. Ngati mayi wa kunyumba adzaphikira aganyu, imeneyo ndi ntchito, ili ndi malipiro ake. Ana malo awo ndi ku sukulu ya makilomita atatu ija.

Pa maphunziro tinakangana pang'ono. Malume ankafuna dipuloma ya ku Natural Resources College kapena ya ku Mwimba. Ndinawauza kuti pepala lotere ndi labwino, koma akalilemba ngati khomo lokhalo atsekera kunja bambo amene wayang'anira minda zaka khumi ndi zisanu ali ndi satifiketi ya JCE yokha, ndipo atsegulira mnyamata amene akungodikira ntchito ya ku bungwe kuti achoke pakati pa dzinja. Chomwe ntchitoyi ikufunadi ndi munthu wodziwa kulemba, kuwerengera, ndi kulamula anthu akuluakulu popanda kuwanyoza. Tinalemba kuti pepala la zaulimi ndi mwayi wowonjezera.

Njira yolemberanso iyenera kufanana ndi anthu omwe mukuwafuna. Kapitawo wabwino kawirikawiri ali kumunda kwina komwe kulibe makina osindikizira. Kumuuza kuti atumize zikalata zisanu pa imelo ndi kusankha odziwa kompyuta, osati odziwa munda. Kungoti "imbani" nakonso kumabweretsa mafoni mazana, ambiri ongofulasha, ndipo simuona n'komwe ngati munthuyo amatha kulemba. Tinapempha kalata yolemba pamanja ya tsamba limodzi, yonena minda yomwe anagwirako, mahekitala ake ndi anthu omwe ankawayang'anira, pamodzi ndi manambala a mboni ziwiri. Akhoza kuijambula n'kutumiza pa WhatsApp, kapena kukaisiya pa mundapo. Kalata ya pamanja ndi mayeso oyamba: dzanja lomwe lalemba kalatayo ndi lomwe lidzalembe buku la aganyu.

Mzere womaliza tinauika chifukwa cha akamberembere omwe amatola zilengezo za eni, n'kumaimbira anthu kuti atumize kandalama ka fomu kapena ka yunifolomu kuti dzina lawo lidutse. Ntchito yeniyeni siigulidwa, ndipo chilengezo chinene choncho. Wolembera nayenso asapereke satifiketi yake yeniyeni kapena chiphaso cha unzika kuti bwana asunge. Zojambula ndi zokwanira, zenizenizo azionetse pamaso n'kubwerera nazo.

Zonse zitatha, chomwe chinatuluka chinali ichi:

"PAKUFUNIKA KAPITAWO WA PA MUNDA. Munda wa mahekitala 40 (chimanga 20, soya 12, mtedza 8), makilomita 14 kuchokera pa Kamwendo ku Mchinji, msewu wa fumbi. Ntchito: kuyang'anira antchito 6 ndi aganyu ofika 40, kuyeza ndime ndi kusunga buku la malipiro, kusunga makiyi ndi buku la sitolo, kuonetsetsa kuti ntchito za kumunda zikuchitika pa nthawi yake, kupereka lipoti kwa mwini munda sabata iliyonse. Wofunika: wodziwa kulemba ndi kuwerengera, woti anayang'anirapo munda nyengo zosachepera zitatu, pepala la zaulimi ndi mwayi wowonjezera. Amayi ndi abambo alembere. Malipiro: K250,000 pa mwezi asanadule msonkho ndi penshoni, nyumba ya zipinda ziwiri ndi thumba la chimanga pa mwezi zosadulidwa pa malipiro, bonasi ya K1,000 pa thumba lililonse la makilogalamu 50 la chimanga chouma lopitirira 1,600. Mgwirizano wolembedwa wa miyezi 12 kuyambira 1 Seputembala, inayi yoyamba yoyesedwa. Lembani kalata pamanja yonena komwe munagwirako, ndi mboni ziwiri. Tumizani pa WhatsApp pa nambala ili m'munsiyi kapena kasiyeni pa munda pasanafike 10 Ogasiti. Palibe ndalama iliyonse yolipira polembera."

Ndi mawu osafika 200. Ndi ataliko kuposa a pa envulopu, koma amakwana pa tsamba limodzi la zilembo zazikulu. Tinalitulutsa mu Julaye, nthawi yomwe minda yambiri yatha kugulitsa ndipo makapitawo omwe akufuna kusintha malo amakhala omasuka. Chilengezo chotere chikatuluka mu Novembala chimapeza otsala okha, kapena amene wathawa munda wa wina mbewu zili m'sitolo. Sitinapite nalo ku nyuzipepala. Tinamata pa sitolo ziwiri za zipangizo za ulimi, pa ofesi ya alangizi ndi pa chigayo, n'kutumizanso m'magulu a alimi a pa foni.

Omwe anasankhidwa sitinawafunsire mu ofesi. Tinawatengera kumunda, kuwapatsa chingwe, n'kuwauza kuti atiyezere ndime ndi kutiuza kuti chigawo chakumadzulo chifuna aganyu angati kuti chipaliridwe m'masiku anayi. Mboni zawo tinaziimbira tokha, ndipo funso lomwe linkatulutsa zoona silinali loti anali wabwino kodi, koma loti atabweranso mungamupatsenso makiyi a sitolo?

Mmodzi mwa iwo, bambo wachikulire wa njinga yakapalasa, anatulutsa chilengezo chija m'thumba la malaya atachipinda kanayi, n'kuloza mzere wa bonasi.

"Bwana, pepani ndifunse nawo. Apa mwalemba za chimanga chokha. Nanga soya ndi mtedza, mahekitala 20 onsewo, mulibe kanthu? Chifukwa sabata yomwe udzu wakula ponseponse ndipo aganyu ndi ochepa, munthu adzathamangira komwe kuli bonasi."

Malume anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa tinakhala madzulo onse aja tikuwerengera chinyezi cha chimanga osaona kuti theka la munda talisiya panja. Anatulutsa cholembera, n'kufunsa bamboyo kuti mtedza wosaswa amauyeza bwanji komwe anachokera.